Kupatsa N'kuika: Moni wa Idi pa Chitseko cha Sitolo

Kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu timaukonda chifukwa umalimbitsa dzanja pamene likuzengereza. Ukamatapa chimanga m'nkhokwe kuti upatse mnzako amene zamuthera, mtima umayamba kuwerenga miyezi yotsala kuti zam'munda zipse, ndipo mwambi umakunong'oneza kuti sunataye kanthu, wangosunga kwina. Koma ndi ochepa amene amaupanikiza ndi mafunso. Waika kuti? Udzatenga liti? Nanga ngati pamene ukupereka ukudziwa kale kuti udzatenga, kodi wapatsadi, kapena wangobwereketsa mwaulemu? Ndikufuna kuuyesa mwambiwu pa kanthu kooneka kakang'ono: moni umene mwini sitolo wachisilamu amalembera makasitomala ndi anansi ake kuno ku Katete pamene Idi yayandikira.

Ndasankha wamalonda chifukwa palibe munthu wina amene timamukayikira msanga pa nkhani ya kupatsa. Ntchito yake ndi kuwerenga. Shuga ali ndi mtengo, saladi ali ndi mtengo, ngakhale pulasitiki yonyamuliramo amailemba m'buku. Ndiponso wamalonda ndiye amaudziwa mwambiwu m'njira yake yosabisa. Mayi wogulitsa tomato pamsika akakuwonjezera mmodzi wa mbasela, nonse awiri mumadziwa kuti akufuna mawa udzaimenso pa benchi pake, ndipo palibe amene amakhumudwa nazo. Tsono munthu akaona pepala lamatidwa pa chitseko cha sitolo, kapena uthenga walowa pa foni wakuti tikufunirani Idi yabwino, salakwa kwenikweni kuganiza kuti iyi ndi mbasela ya mawu chabe. Funso ndi lakuti, kodi moni wotere ungakhale woposa pamenepo, ndipo tingauzindikire bwanji?

Chikayiko chimenechi chili ndi mbiri yake. Amalonda achisilamu ochokera ku Gujarati, m'dziko la Indiya, anafika ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata, cha m'ma 1905, ndipo pang'onopang'ono masitolo awo anafalikira m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka, kudutsa Katete, Sinda mpaka Petauke. Panalinso Ayao amene anabwera ndi Chisilamu kuchokera kutsidya kwa Malawi, ndi Achewa ena amene analowa chipembedzocho. Kwa zaka zambiri wogulitsa ndi wogula ankadziwana pa kauntala pokha: uyu kuseri, uyu kutsogolo. Mu 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Pulezidenti Kaunda analengeza kuti malonda ambiri a m'masitolo, makamaka kunja kwa misewu ikuluikulu ya m'mizinda, akhale m'manja mwa nzika za Zambia, ndipo zimenezi zinasonyeza mmene nkhani ya sitolo inalili yowawa m'mitima ya anthu. Lero mwini sitolo wachisilamu ku Katete angakhale mdzukulu wa amalonda akale aja, wobadwira konkuno ndipo Chichewa chili pa lilime, angakhale Myao, angakhalenso Mchewa wa kwa Mbang'ombe kapena kwa Kawaza. Koma kauntala ija ikadalipo, ndipo moni wa Idi ndi umodzi mwa mawu ochepa pa chaka amene amayesa kuidumpha.

Pali china chimene chimaupatsa moniwu ntchito imene sungakhale nayo ku Mangochi kapena ku Machinga. Ku Malawi, Idi ya pambuyo pa Ramadani ndi tsiku la tchuthi la dziko lonse, ndipo wailesi imauza aliyense. Kuno ku Zambia sizili choncho. Dziko lino linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu Disembala 1991, ndipo ngakhale Asilamu amapembedza mwaufulu, Idi si tchuthi. Tsikulo masukulu amatsegula, maofesi a ku Boma amatsegula, ku chipatala cha St Francis anthu amakhala pamzere monga mwa masiku onse, magalimoto a ku Chanida amadutsa. Chotseka ndi sitolo yokha. Munthu wa ku Kagoro kapena ku Vulamkoko amene ali ndi kantemba kake, wapalasa njinga mbandakucha kuti adzapikule belo la shuga ndi katoni ya sopo, amangofika n'kupeza loko. Wataya tsiku, wataya mphamvu, ndipo makasitomala ake kumudzi agona osamwa tiyi.

Sangaliloweze tsikulo pamtima monga amachitira ndi Khirisimasi, chifukwa Idi imayenda. Chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi wa kumwamba, ndipo chili ndi masiku pafupifupi 354, motero chaka chilichonse Idi imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11. Mu 2024 inagwa mu Epulo, mu 2025 inagwa kumapeto kwa Malichi. Choposa apo, ngakhale mwini sitoloyo sadziwa tsiku lenileni mpaka usiku wake. Mwezi wa Ramadani umakhala ndi masiku 29 kapena 30. Madzulo a tsiku la 29 anthu amayang'ana kumadzulo dzuwa litangolowa. Mwezi watsopano ukaoneka, Idi ndi mawa. Ukapanda kuoneka, amasalanso tsiku lina, Idi n'kukhala mkuja. Ndicho chifukwa chake mu 2024 maiko ena anakondwerera Lachitatu pa 10 Epulo, ena Lachinayi pa 11.

Apa ndi pamene ndimaonera mphatso yoyamba ya moniwu, ndipo si mawu okoma ayi. Ndi kuuza anthu nthawi ikadalipo. Tiyerekeze mwini sitolo wa pamsewu waukulu, chaka chomwecho cha 2024, akulemba Loweruka la sabata yam'mbuyo, masiku anayi kapena asanu Idi isanafike. Walemba ndi inki yakuda pa chikatoni, zilembo zazikulu zowerengeka munthu ali panjinga, ndipo mawu omwewo watumiza pa foni kwa amene amapikula kwa iye:

"Makasitomala athu ndi anansi athu nonse, zikomo. Mwezi wathu wa kusala kudya ukutha sabata ya mawa. Mwezi ukaoneka Lachiwiri madzulo, Idi idzakhala Lachitatu. Ukapanda kuoneka, idzakhala Lachinayi. Tsiku limenelo sitolo idzakhala yotseka, tidzatsegula mawa lake nthawi ya masiku onse. Inu ochokera kutali, guliranitu Lolemba kapena Lachiwiri, kapena imbani musananyamuke. Tathokoza kuti mwatipirira mwezi uno pamene timatseka msanga madzulo. Ngati tinakulakwirani pa mawu, pa muyeso kapena pa chenji, tikhululukireni. Mulungu adalitse mabanja anu. Idi yabwino kwa nonse."

Taonani kuti sananame za tsiku. Wolemba mothamanga amangoti titseka Lachitatu, ndiye mwezi ukabisala amatsegula tsiku limene anati atseka, n'kutseka tsiku limene anthu akuyembekeza kumupeza. Walakwira anthu kawiri ndi pepala limodzi. Uyu watchula masiku onse awiri ndipo wafotokoza chifukwa chake, motero ngakhale mayi wa ku Dachi kapena wa Chikatolika amene sanalowepo mumzikiti wamva mmene zinthu zimayendera, ndipo chaka chamawa adzadziwa yekha kufunsa. Walemba m'Chichewa, chifukwa pepala la m'Chingerezi limapatsa moni aphunzitsi ndi a m'maofesi okha, n'kusiya agogo amene amagula mchere wa ndalama zochepa tsiku ndi tsiku. Wathokozanso pa chinthu chenicheni: mwezi wonse iye amatseka dzuwa lisanalowe kuti akamasule kusala kwake, ndipo alipo amene anabwerera pakhomo pake opanda kandulo. Kuwakumbukira amenewo ndi ulemu woposa madalitso aatali.

Mawu opempha chikhululukiro aja ena angawaone ngati mwambo chabe, pakuti Asilamu ambiri amapemphana chikhululukiro pa nyengo imeneyi. Koma pa chitseko cha sitolo ali ndi kulemera kwina. Amatsegula mpata kuti mayi wina abwere n'kunena kuti, "Bambo, paja mwezi watha ndinagula ufa wonunkha, mnyamata wanu anakana kundisinthira." Mwini sitolo amene walemba mawuwo ayenera kukhala wokonzeka kumva zimenezi osakwinya nkhope, n'kulowa kuseri kukatenga thumba lina. Ngati sali wokonzeka, ndi bwino asawalembe, chifukwa anthu amakumbukira lonjezo lolembedwa kuposa lonenedwa.

Tsono taonani zimene zasiyidwa. Mulibe mitengo. Chiyeso chimakhalapo, ndipo si chaching'ono, chakuti pansi pa moni uwonjezere kuti mpunga watsika, saladi wa malita awiri wafika, thamangani. Si tchimo kulengeza malonda, koma ukawaika pa pepala limodzi ndi madalitso, wowerenga amadziwa msanga kuti mutu wa nkhani ndi uti. Mulibenso chikumbutso cha nkhongole. Ndinaonapo pa sitolo ina moni wokongola, maluwa atajambulidwa m'mphepete, koma mzere womaliza unali wakuti onse a nkhongole alipire Idi isanafike. Anthu anangowerenga mzere umenewo basi. Amene anali ndi nkhongole anayamba kudutsa tsidya lina la msewu, ndipo moni umene unayenera kuitana anthu unawabalalitsa.

Komatu buku la nkhongole ndilo bwalo lenileni limene mwambi wathu umazengedwera mlandu. Chaka cha 2024 chinali cha chilala. Mvula inadula chimanga chikumasula ngayaye, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Ramadani inayamba pasanathe masabata awiri, ndipo Idi inafika mu Epulo, mwezi umene m'zaka zabwino anthu amakhala akudya dowe ndi maungu, mitima ili m'malo. Chaka chimenecho minda yambiri inali mapesi okhaokha. Mwini sitolo aliyense amene amakongoza anthu anali ndi buku lodzaza, ndipo ambiri olembedwamo anali atalonjeza kuti adzalipira akadzagulitsa soya, nshawa kapena thonje mu Meyi ndi Juni, mbewu zimene tsopano zinali zosadalirika.

Chipembedzo chake chimamuuza momveka. Korani imaphunzitsa kuti wankhongole amene ali pa mavuto apatsidwe nthawi mpaka zitamuyendera, ndipo kuti kumukhululukira ndi kwabwino koposa. Imaletsanso chiwongoladzanja, motero sangati udikire koma udzawonjezere. Mwambi wa makolo nawo ukumuuza kuti kupatsa n'kuika. Koma makolo omwewo anatinso chifundo chinapha nkhwali. Katundu ali m'mashelefu si wake yense. Wina anatenga kwa ogulitsa opikulitsa a ku Chipata kapena ku Lusaka, amene akufuna zawo pa tsiku lawo. Pali lendi, pali malipiro a antchito. Akafafaniza buku lonse, pofika Ogasiti sitolo idzakhala mashelefu okhaokha, ndipo anthu omwe anawachitira chifundowo adzasowa kowakongoza mchere. Amene amanena kuti munthu wopembedza angokhululuka zonse sanasungepo sitolo.

Wanzeru amatsegula bukulo usiku wina m'masiku khumi omaliza a Ramadani n'kuliwerenga dzina ndi dzina. Mphunzitsi amene amalandira kumapeto kwa mwezi alipira monga mwa nthawi zonse. Kumukhululukira ameneyo si chifundo, ndi kusasamala. Mlimi amene munda wake wapsa, koma ali ndi dimba ndi mbuzi zingapo, amuitana pambali n'kumuuza kuti, "Achimwene, za Juni zija musade nazo nkhawa, mudzabweretsa pang'onopang'ono tomato akayamba kutuluka." Ndiye pali mzere wina, wa mayi wamasiye amene akulera adzukulu, nkhongole yake ndi ya mchere, sopo ndi kabotolo ka saladi, yakhala miyezi isanu osasuntha. Mzere umenewo amaudula ndi cholembera. Mawa lake mayiyo akamadutsa, amamupatsa moni n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, zija zatha, musazitchulenso." Zimenezi sizilembedwa pa chikatoni cha pa chitseko, ndipo siziyenera kumveka kwa munthu wachitatu.

Apa tifunse: waika kuti? Mayi wamasiye uja sadzabweza. Sadzakhala kasitomala wamkulu, sadzabweretsa ogula atsopano, ndipo popeza nkhaniyo ndi yachinsinsi, siidzakometsa dzina la sitolo. Ngati mwambi ukutanthauza kuti chimene wapereka chidzabwerera kuchokera m'dzanja lomwelo, ndiye kuti pano wanama. Ndipo ngati munthu aumvera mwambiwu m'njira imeneyo, adzayamba kusankha owapatsa: mbale ya mpunga wa Idi idzapita kwa wapolisi, kwa wa ku khonsolo, kwa kasitomala wolemera, ndipo idzalambalala nyumba ya udzu imene ili kuseri kwa sitolo. Kumeneko ndi kuika ndithu, koma si kupatsa. Ichi ndicho chofooka cha mwambi wathu, ndipo tisachibise: ukhoza kukhala chofunda cha munthu wowerengera.

Makolo ankadziwa kuikiza. Munthu ankatenga mbuzi yake n'kukaisiya m'khola la mbale wake kumudzi wina, kuti matenda kapena akuba akagwa kwake, mbewu ya ziweto isathe. Koma woikiza sankapita sabata iliyonse kukawerenga ana a mbuzi, ndipo ankadziwa kuti ina idzafa, ina idzadyedwa pa maliro a kumeneko. Chimene ankasunga kwenikweni ndi njira ya pakati pa makomo awiriwo. Ndikuganiza kuti mwambiwu unabadwira m'maganizo otere. Umanena zoona pokhapokha wopatsayo atavomera kuti sadzasankha yekha tsiku lotenga, kapena dzanja lomubwezera, kapena mtundu wa chobwezedwacho. Msilamu adzanena kuti waika kwa Mulungu. Mchewa wa kale akanati waika m'mudzi. Amasiyana pa dzina la wosunga, koma onse akugwirizana kuti wosungayo si amene walandira.

Chisilamu chinaika lamulo limene limatseka pakamwa wowerengera uja. Idi isanapempheredwe, mutu wa banja aliyense amene ali nako kuthekera amapereka sadaka ya kumasula, chakudya chimene anthu amadya m'deralo kapena mtengo wake, m'malo mwa munthu aliyense wa m'nyumba mwake, ngakhale khanda. Muyeso umene mashehe ambiri amatchula ndi makilogalamu awiri ndi theka mpaka atatu pa munthu. Banja la anthu 8 ndiye kuti lipereka pakati pa makilogalamu 20 ndi 24, pafupifupi thumba lathunthu la ufa la makilogalamu 25. Iyenera kufika kwa osauka swala ya Idi isanayambe, kuti nawonso aphike tsikulo. Ikachedwa yataya cholinga chake. Olandira ndi amene sangabweze. Mashehe ambiri amati sadaka imeneyi ndi ya Asilamu osauka, koma mphatso zina zonse za tsikulo, mbale ya chakudya, paketi ya shuga, nkhongole yokhululukidwa, zilibe malire a chipembedzo.

Kwa mwini sitolo pali msampha wake wake pamenepa. Iye ali ndi katundu amene sakuyenda: ufa umene wakhalitsa, mpunga umene anankafumbwe ayamba kuyendamo, mabisiketi amene tsiku lawo latsala pang'ono kutha. N'kosavuta kusesa zimenezi n'kuzitcha mphatso ya Idi. Korani imachenjeza za kusankha zoipa popereka, zimene iwe mwini sukanazilandira ndi mtima wonse, ndipo imachenjezanso za kuwononga sadaka poikumba kapena pochititsa manyazi wolandira. Wolandirayo sapusa. Amatsegula thumba, amanunkhiza, amaona timaulusi ta mbozi m'makona mwake, amatembenuza paketi kuona tsiku. Sadzanena kanthu, adzathokoza ndi manja awiri, koma wadziwa pamene wamuika.

Anthu oyamba kuwerenga moni wa pa chitseko si makasitomala. Ndi anyamata otsitsa matumba, mtsikana wa pa kauntala, ndi mlonda wa usiku, amene nthawi zambiri ndi Akhristu. Mwina ndi mmodzi wa iwo amene anatumidwa kukamata chikatonicho. Iwo amadziwa ngati madalitso olembedwawo ali ndi msana. Kodi tsiku lotsekalo adzadulidwa malipiro? Kodi m'masiku otanganidwa a kumapeto kwa Ramadani, pamene amaweruka mochedwa, analandira kanthu? Mlonda sapuma pa Idi; sitolo yotseka ndiyo imafuna maso kwambiri. Kodi mbale imamufika pa mpando wake, kapena amangomva fungo likuchokera kuseri kwa mpanda? Mtauni yaing'ono ngati Katete kapena Sinda, zimene wantchito wanena kunyumba madzulo zimafika pamsika m'mawa, ndipo zimamveka kuposa pepala lililonse.

Idi yachiwiri, ya nsembe, imabwera patapita miyezi iwiri ndi masiku ngati khumi, ndipo ili ndi zake. Pa imeneyi tsiku limadziwika msanga, chifukwa imagwa pa tsiku la 10 la mwezi wa Haji, motero mwezi ukangooneka mwini sitolo angalembe deti osaopa. Chovuta ndi nyama. Mbuzi yoyenera iyenera kukwanitsa chaka, ng'ombe zaka ziwiri, yosadwala, yosatsimphina, yosachita khungu. Ng'ombe imodzi angagawane anthu 7. Mwambo wofala ndi kugawa nyamayo patatu: ya pakhomo, ya abale ndi anansi, ndi ya osowa. Tsono werengani. Mbuzi ya kumudzi ikasendedwa imatsala makilogalamu ngati 12. Gawo limodzi mwa atatu ndi makilogalamu 4, ndipo mukamapereka theka la kilogalamu pa khomo, mwafika makomo 8 okha. Munthu amene walemba pa chitseko kuti bwerani mudzalandire nyama waitana anthu mazana ku chakudya cha makomo 8. Zotsatira zake ndi mzere padzuwa, kukankhana, agogo kugwetsedwa, ndi anthu ambiri obwerera ndi mapulasitiki opanda kanthu, atakwiya ndi munthu amene dzulo analibe naye chifukwa. Kuwonjezera apo wina amatulutsa foni kujambula olandira. Njira yaulemu ndi kulemba mayina mwakachetechete, kufunsa a mfumu kapena amayi achikulire a m'deralo amene amadziwa khomo logona ndi njala, n'kutuma mwana kukapereka kunyumba. Moni unene za kutseka ndi madalitso. Nyama iyende yokha.

Alipo anansi amene adzakana. Akhristu ena, malinga ndi chiphunzitso cha mpingo wawo, sadya nyama imene yaphedwa pa mwambo wa chipembedzo china. Kukana kumeneko kumapweteka, makamaka ngati mwana wabwerera ndi mbale ili chivundikirire. Koma pamenepanso mwambi ukuyesedwa. Wopatsa amene akwiya chifukwa chokanidwa waonetsa kuti amayembekezera malipiro, ngakhale a zikomo chabe. Ndi bwino kufunsiratu mwaulemu, "Amayi, kodi tikakutumizirani kandiwo mulandira?" ndipo akati ayi, shuga kapena mpunga wosaphika umagwira ntchito yomweyo popanda kuvutitsa chikumbumtima cha munthu.

Sindikufuna kuti timalize ngati kuti phindu ndi lonyansa. Mwini sitolo amene amachita zonsezi adzapindula, ndipo palibe cholakwa. Anthu adzagula kwa iye ngakhale wina atatsitsa pang'ono, chifukwa amadziwa kuti sikelo yake ndi yoona ndipo mawu ake sasintha. Moto ukabuka kuseri usiku, adzatuluka ndi ndowa. Maliro akagwa pakhomo pake, adzabwera kudzakhala pansi ngakhale sadziwa mapemphero ake, monga iye amatsekera sitolo ola limodzi kupita kukapepesa maliro a mnansi atanyamula shuga ndi masamba a tiyi. Pa Khirisimasi iye adzalembanso moni, ndipo kumapeto kwa Ogasiti, anthu akamakhamukira ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi, adzawafunira ulendo wabwino Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambiki amene aima pakhonde pake kugula madzi. Zonsezi zimabwerera. Chimene ndikukana ndi kuyambira pa kubwererako, chifukwa woyambira pamenepo amadula ndendende zinthu zimene zimaupatsa moni mphamvu: mzere wa mayi wamasiye, mbale ya mlonda, thumba la ufa wabwino kupita ku khomo losadziwika. Pa mlandu umenewu ndiima ndi mwambi, koma ndi mwambi womvedwa monga anaumvera oikiza mbuzi aja.

Ife owerenga moniwo tili ndi mbali yathu, ndipo si yovuta. M'mawa wa Idi, dzuwa litangokwera pang'ono, banja lonse limapita ku swala, imene ndi yaifupi koma imatsatidwa ndi ulaliki ndi kupatsana moni, motero nyumba ndi sitolo zimakhala zopanda eni kwa maola angapo. Mnansi wabwino amaponyako maso. Mukakumana nawo akubwerera atavala zoyera, kunena kuti "Idi yabwino, bambo" n'kokwanira. Simunasiye mpingo wanu potero. Tsiku limenelo si lopita kukagogoda kunyumba kuti akutsegulireni mugule machesi. Ndipo mbale ikabwera kwanu, mwambo wathu ndi wakuti sibwerera yopanda kanthu, koma muganizire chimene muikamo. Nkhumba, mbewa, kapena nkhuku imene sinazingidwe mwa Chisilamu sangadye, ndipo mudzawaika pa manyazi a kukana. Itsukeni bwino mbaleyo, osaigwiritsa ntchito pa ndiwo zanu, muikemo za kumunda zimene nyengoyo yapereka: nshawa zaziwisi, dzungu, kandolo kapena nthochi. Ngati chaka chili ngati cha 2024 ndipo m'munda mulibe kanthu, itumizeni yotsuka, ndipo mupite nokha madzulo kukathokoza ndi pakamwa.